Ndinasinthanitsa manambala awiri, K50,000 ya atsibweni inapita: alipire ndani?



Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah. Mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Lero sindikubwera ndi nkhani ya munthu wina ayi. Ndi yanga, ndipo ndakhala ndikuzengereza kuilemba chifukwa ndi yochititsa manyazi. Koma ndikudziwa kuti ambiri mwa inu amene mukuwerenga pafoni pano ndinu amene mumatumidwa kwanu. Agogo akafuna kutumiza ndalama amaitana inu. Bambo akafuna kulipira ngongole amati, iwe wa sukulu, tenga foni. Ndiye funso limene linandipeza ine likhoza kukupezani mawa.

Nkhani yake inayenda chonchi. Kumapeto kwa Ogasiti ndinali patchuthi kwathu kwa Dzoole, ku Dowa. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anali atagulitsa mtedza wawo ku Mponela. Pa ndalamazo anapatula K120,000 ya fizi ya msuweni wanga amene amaphunzira ku Lilongwe. Anandiitana m'mawa, nandipatsa ndalamazo zitamangidwa ndi mphira, pamodzi ndi kapepala kolembedwa nambala.

Anati, "Mphwanga, iwe ndiye umadziwa za mafonizi. Ukamutumizire mnzakoyo. Nambala ndi imeneyi, anandilembera yekha."

Ndinakwera njinga mpaka kwa ejenti, ndalamazo ndinaziikitsa mufoni mwanga. Ndili pomwepo ndinakumana ndi mnzanga wa ku pulayimale amene tinali tisanaonane zaka zitatu. Tikucheza, tikuseka, ine chala chili pafoni. Nambala ya pakapepala imathera ndi 47, ine ndinalemba 74. Dzina linatuluka pagalasi la foni, sindinaliwerenge. Ndinaika nambala yachinsinsi, basi ndalama zapita.

Ndinazindikira masana, msuweni wanga ataimba kuti kodi ndalama zija mutumiza liti. Nditatsegula uthenga ndinapeza dzina la mayi amene sindikumudziwa. Ndinamva kutentha thupi lonse. Ndinaimba pa nambalayo, mayiyo anayankha, ndinafotokoza mwaulemu, anati aona kaye. Nditaimbanso, foni yothima. Kenako ndinaimbira a kampani ya foni. Anandifunsa nambala ya uthenga wotumizira, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama. Zotsatira zake zinali zoti mu akaunti ya mayiyo munali mutatsala K70,000, ndipo imeneyo inabwerera patapita masiku. K50,000 inali itatapidwa kale.

Madzulo a tsikulo pakhomo panali maganizo atatu. Agogo anati tsoka silinunkha, mwanayu musamuvutitse. Amayi anati ndalama ya mtedza si masewera, ndilipire basi. Mnzanga wina amene tinaphunzira naye ku madrasa ananditumizira uthenga wondilimbitsa mtima: "Aise, iwe unali wongotumidwa. Chimenecho chinali amana, ndipo wosunga amana salipira." Atsibweni okha sanalankhule kanthu. Anangokhala pa khonde nkumasenda nsungwi. Kukhala chete kwawoko ndi kumene kunandipweteka kuposa mawu a amayi.

Ndikuuzeni zoona, mawu a mnzanga aja ndinawakonda. Ndipo usiku umenewo Shetani anandibweretsera ganizo lina. Kapepala kaja kanali m'thumba mwanga, palibe wina anakaonanso. Ndikanangonena kuti manambala ake sankaoneka bwino, nkhani ikanathera pomwepo.

Lachisanu ndinapita ku Mponela kukaswali Ijumaa, ndipo swala itatha ndinawadikira a Shehe amene anandiphunzitsa ndili mwana. Ndinaganiza kuti ayankha mwachangu. Iwo anayamba ndi mafunso.

"Mwana wanga, nambala ya pakapepala inali yolondola?"

"Inali yolondola, a Shehe."

"Analemba mufoni ndani, iwe kapena ejenti?"

"Ndine."

"Dzina la wolandira linatuluka?"

"Linatuluka."

"Unaliwerenga?"

Pamenepo ndinayang'ana pansi.

Zimene anandifotokozera, ndi zimene ndinakawerenganso nditabwerera ku sukulu, ndi zimene ndikufuna tigawane. Ine si Shehe, ndine wophunzira ngati inu. Koma mfundo zake ndi zomveka, ndipo zikamveka zimathetsa mikangano yambiri.

Tiyambe ndi amene ndalama zinagwera mufoni mwake, chifukwa mlandu woyamba uli pa iye. Allah mu Sura An-Nisa, ndime 29, akutiletsa kudyerana chuma mwa njira yachabe, ndipo njira imene akuiloleza ndi malonda amene mbali zonse zakhutira nawo. Mayi uja sanandigulitse kanthu. Atsibweni sanamupatse mphatso. Palibe chifukwa chilichonse chimene chinasamutsa umwini wa ndalamazo kuchoka kwa atsibweni kupita kwa iye. Zinangosintha malo, mwini wake sanasinthe. Palinso hadisi ya Samura bin Jundub, imene anailandira Abu Daud ndi Tirmizi, yophunzitsa kuti dzanja limene latenga chinthu limakhala ndi udindo pa chinthucho mpaka litachibweza.

Ena amati, ine sindinabe, ndangotola, ndi riziki langa. Abale anga, ngakhale chotola chenicheni chili ndi malamulo ake. Mu Bukhari muli nkhani ya Swahaba Ubayi bin Kaabu amene anatola kathumba ka madinari 100. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) sanamuuze kuti wachita mwayi. Anamulamula kuti alengeze kwa chaka kufunafuna mwini wake. Tsono ngati chuma chimene mwini wake sakudziwika chimafuna kulengeza chaka chathunthu, nanga bwanji ndalama imene yabwera ndi dzina la wotumiza, nambala yake, ndipo mwini wakeyo akuimba foni akulira? Imeneyo si yotola. Ndi amana imene yagwera m'manja mwako usanaipemphe. Ukaisunga kuti ubweze, ulibe tchimo. Ukaitapa nkuthimitsa foni, wasanduka wolanda, ndipo ngongoleyo ili pakhosi pako ngakhale palibe wapolisi amene adzakupeze.

Nanga ngati munthuyo anali ndi ngongole ya pafoni, ndalama zitangolowa makina nkudula okha? A Shehe anati ameneyo alibe tchimo la kutenga, poti sanatenge ndi dzanja lake, koma kubweza abwezabe. Ngongole yake yathetsedwa ndi ndalama za munthu wina, phindu lapita kwa iye. Apemphe nthawi, azibweza pang'onopang'ono.

Apa zinali zosavuta. Koma mayi uja foni yake inali yothima, fizi ikufunika. Funso lenileni linali pakati pa ine ndi atsibweni.

Mnzanga uja sananame kwenikweni, anangonena theka. Ophunzira malamulo a Chisilamu amasiyanitsa manja awiri. Pali dzanja la amana, monga la munthu wotumidwa kapena wosungitsidwa chinthu, amene wachigwira ndi chilolezo cha mwini wake. Ndipo pali dzanja lolipira, monga la wakuba ndi wolanda, amene chinthucho chikawonongeka mwanjira ina iliyonse alipira basi. Wosunga amana salipira chinthu chikatayika, koma pali zitseko ziwiri zimene zimamulowetsa m'kulipira. Choyamba ndi kupyola malire, kuchita zimene sanaloledwe. Chachiwiri ndi kunyalanyaza, kusiya zimene munthu wosamala akanachita.

Mwachitsanzo, ndikanakumana ndi achifwamba panjira ya ku Mponela nkundilanda ndalamazo ndili nditazibisa bwino, ndikanabwerera kwa atsibweni wopanda ngongole. Tsoka likanakhala lawo, ngakhale ndalama zinatayikira m'manja mwanga. Ndikanatengapo K20,000 kugulira zanga ndi maganizo oti ndibwezeretsa mawa, kumeneko ndi kupyola malire. Zimene ndinachita ine ndi chitseko chachiwiri. Muyeso wa kunyalanyaza ndi zimene anthu osamala amachita pa ntchito ya mtunduwo. Munthu wosamala akamatumiza K120,000 ya mwini wake amafananiza nambala ndi kapepala, ndipo amawerenga dzina asanaike nambala yachinsinsi. Zimatenga kanthawi kochepa kwambiri. Ine ndinasankha kucheza.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati, "Koma a Shehe, sindinachite dala. Si paja kulakwitsa ndi kuiwala zinakhululukidwa kwa Asilamu?"

Anamwetulira. Anati zoona, hadisi yake ilipo, ndipo kumapeto kwa Sura Al-Bakara timapempha Allah kuti asatilange tikaiwala kapena tikalakwitsa. Koma chimene chimachotsedwa ndi tchimo, osati chuma cha munthu. Anandikumbutsa ndime 92 ya Sura An-Nisa, pamene wopha mnzake mwangozi akulamulidwabe kupereka dipo kwa achibale a womwalirayo. Sanafune kupha, koma achibalewo ataya munthu. Chimodzimodzi ine: kwa Allah ndilibe tchimo la kuba, koma atsibweni analima, anapalira, anakumba, anathothola, anaswa mtedza umenewo. Kusachita dala kwanga sikubweza thukuta lawo.

Kenako ananena chinthu chimene chinandiopsa. Anati pa nkhani za amana, wosunga akanena kuti chinthu chatayika popanda kunyalanyaza kwake, ndipo palibe umboni womutsutsa, mawu ake amalandiridwa akalumbira. Ndiye kuti lamulo lenilenilo limadalira chilungamo cha wotumidwayo. Ndikananama za kapepala kaja ndikanapambana pabwalo lililonse la pakhomo. Koma pali hadisi ya mayi wathu Ummu Salama, mu Bukhari ndi Muslim, yochenjeza kuti munthu akhoza kupambana mlandu chifukwa chodziwa kulankhula, ndipo chimene wapata mwa njira imeneyo ndi chidutswa cha moto. Ndinatulutsa kapepalako m'thumba nkuwaonetsa a Shehe. Manambala onse ankaoneka bwinobwino.

Tsopano tiyeni tisinthe nkhaniyi pang'onopang'ono, muone mmene yankho likusunthira. Mfundo ndi imodzi yomweyo: fufuzani pamene kulakwitsa kunalowera.

Tinene kuti nambala ya pakapepala ndiyo inali yolakwika, ine ndinalemba ndendende zimene ndinapatsidwa, ndipo atsibweni anandiuziratu kuti dzina lituluka lachilendo chifukwa mwanayo akugwiritsa foni ya mnzake. Pamenepo ndachita zimene ndinatumidwa, kutaya ndi kwa atsibweni. Koma ngati sanandiuze choncho, ndipo ine ndaona dzina la mayi wachilendo pamene ndikutumizira msuweni wanga amene ndikumudziwa, nkupitirizabe, ndiye kuti nanenso ndili ndi gawo. Pa nkhani zoterezi akuluakulu nthawi zambiri amayanjanitsa kuti agawane kutayako, ndipo kuyanjana ndi chinthu chimene Qur'an ikuchiyamikira.

Tinene kuti ndinapereka kapepala kolondola kwa ejenti, iye nkulemba molakwika pafoni yake. Ejenti amalandira phindu pa ntchito imeneyi, ndipo kulakwitsako kwachitika ndi dzanja lake. Iye ndiye abweze kwa kasitomala, kenako alondole yekha ndalama zake kwa amene wazilandira. Koma ngati anakuwerengerani dzina, inu nkuvomera kuti eya ndi yemweyo musanamvetsetse, mwadzitengera nokha mtolowo. Ndiye ejenti akamawerenga dzina, chotsani zomvera m'makutu.

Tinene kuti ndalamazo zinali ngongole. Ndinakongola K30,000 kwa mnzanga, ndipo pobweza ndalakwitsa nambala. Apa palibe za amana konse. Ngongole imakhala pakhosi pa wokongola mpaka itafika kwa mwini wake kapena kwa amene iye wamuloza. Kuonetsa uthenga woti ndalama zachoka mufoni mwanga sikubweza ngongole. Ndibwezabe K30,000 yonse. Pokhapokha ngati mwini ngongoleyo ndiye anandipatsa yekha nambala yolakwika nkunena kuti tumiza pamenepa. Ndikatero ndamasuka, kutaya ndi kwake.

Imeneyi ikutifikitsa kwa akathyali. Nonse mukuudziwa uthenga uja: ndalama ija mutumize pa nambala iyi, yanga ija ili ndi vuto. Amautumiza kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti pa anthu amenewo alipo amene tsiku lomwelo akuyenera kutumizira wina ndalama. Kwathu kuno nthawi yogulitsa fodya, soya ndi mtedza ndi pamene mauthengawa amachuluka. Ena amaimba kuti ndi aphunzitsi, mwana wanu wakomoka, tumizani ya galimoto. Ena amati mwasankhidwa mu Mtukula Pakhomo kapena pa feteleza wotsika mtengo, tumizani yolembetsera. Ena amadzitcha ogwira ntchito ku kampani ya foni nkupempha nambala yachinsinsi. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, ndipo mu 2018 tonse tinafola mizere kulembetsa manambala athu ndi ziphaso za unzika. Koma akathyali amagwiritsa manambala olembetsedwa m'maina a anthu ena, ndiye dzina lotuluka pafoni si umboni woti mukumudziwa munthuyo. Manyuzipepala akhala akulemba kuti ena mwa mafoni amenewa amaimbidwa ndi akaidi ali m'ndende ku Zomba.

Kodi wobedwa mwa njira imeneyi tinganene kuti anapereka yekha? Ayi. Kukhutira kumene Qur'an ikunena si kukhutira kopezeka ndi bodza. Kathyali ndi wakuba, ndalamayo ndi haramu kwa iye, kwa amene anamubwereka nambala akudziwa ntchito yake, ndi kwa aliyense amene akudya naye akudziwa. Kulapa kwake sikukwanira ndi misozi ndi swala zokha, mpaka abweze. Hadisi ya Abu Huraira mu Muslim ikufotokoza za wosauka weniweni wa tsiku la Kiyama: munthu wobwera ndi swala, kusala ndi zaka, koma anadya chuma cha uyu, anamenya uyu, ndipo zabwino zake zikugawidwa kwa iwo mpaka kutha.

Koma poti kathyali sapezeka kawirikawiri, funso limabwereranso pakati pa anthu awiri osalakwa. Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi. Bambo wina wagula matumba a chimanga pa ngongole kwa mnzake, K90,000, alipira Loweruka. Loweruka m'mawa uthenga ukulowa kuchokera pa nambala yachilendo, ndalama ija mutumize apa. Bamboyo akutumiza. Madzulo mwini chimanga akubwera kudzafunsa ndalama zake. Alipire ndani? Wogulayo alipiranso. Mwini chimanga sanatume aliyense, sanasinthe nambala, sanalandire kanthu. Ngongole idakalipo yonse. Zowawa, eti? Koma taganizani mutakhala mwini chimanga.

Nanga akakhala msungichuma wa gulu la achinyamata, amene wasunga K200,000 ya zopereka za futari? Iye ndi wosunga amana, ndiye tibwerera ku zitseko ziwiri zija. Akatumiza ndalama za gulu chifukwa cha uthenga wa nambala yachilendo wonena kuti ndine wapampando, osaimba pa nambala ya wapampando imene ali nayo kale, kumeneko ndi kunyalanyaza. Akaulula nambala yachinsinsi kwa munthu wa pafoni, chimodzimodzi, chifukwa makampani onse akhala akulengeza kuti safunsa nambala imeneyo. Koma ngati uthenga unachokera pa nambala yeniyeni ya wapampando, foni yake itabedwa, ndipo msungichuma anatsata ndondomeko imene gulu linagwirizana, sitingamusenzetse yekha. Kutaya ndi kwa gulu lonse. Muyeso si woti kodi ndi munthu wabwino. Muyeso ndi woti kodi anachita zimene munthu wosamala akanachita.

Allah anatipatsa kale chida chake mu Sura Al-Hujurati, ndime 6, pamene tikulamulidwa kufufuza nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika, kuopa kuchita chinthu mwaumbuli kenako nkumanong'oneza bondo. Ambiri mwa omasulira Qur'an akunena kuti ndimeyi inatsika pa nkhani yokhudzanso chuma, pamene munthu amene anatumidwa kukatolera zaka kwa a Banu Mustaliki anabwerera ndi uthenga wolakwika. Kufufuza kwa masiku ano nkosavuta. Dulani foniyo. Imbani nokha pa nambala yakale imene mukuidziwa. Ngati akuti mwana wadwala, imbirani wina wa kusukuluko amene muli ndi nambala yake. Kathyali amadalira changu, ndi chifukwa chake amangoti pompano, pompano. Kuthamanga sikufika.

Pali msampha wina umene umatchera makamaka ife amene tikufuna kuchita chilungamo, ndipo ndikufuna muumvetse. Uthenga ukulowa wooneka ngati mwalandira K60,000. Nthawi yomweyo munthu akuimba akulira, ndalakwitsa nambala, ndi ya chipatala, chonde bwezani, opani Mulungu. Inu chifukwa cha imani mukutumiza K60,000 yanu, pamene palibe chinalowa. Uthengawo anachita kulemba pamanja. Ndiye musanabweze, onani kaye kumene uthenga wachokera: ngati ndi nambala wamba ya munthu, ndi bodza. Kenako onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti, pa *211# ngati muli pa Airtel Money, pa *444# ngati muli pa Mpamba. Uthenga unganame, koma ndalama zotsala mu akaunti zikuuzani zoona.

Ndipo ngakhale ndalamazo zitalowadi, bwezani pa nambala imene zachokera, kapena muuze wotumizayo adandaule ku kampani kuti azibweze okha, inu osazikhudza. Wina akakuuzani kuti mutumize pa nambala yachitatu, kanani. Nthawi zina kathyali amanamiza munthu kuti atumize ndalama pa nambala yanu, kenako amakuimbirani inu ngati mwini wake kuti muzipititse kwa iye. Mukatero mwapereka amana kwa munthu amene si mwini wake, ndipo mwini weniweni akabwera, dzina limene lili pa uthenga wake ndi lanu. Ndime 58 ya Sura An-Nisa ikulamula kubweza amana kwa eni ake, osati kwa amene wakuwa kwambiri.

Ngati ndinu mwalakwitsa, phunzirani pa ine. Ndinaimba kaye kwa mayi uja, ndiye kuti ndinamudziwitsa ndekha kuti mufoni mwake muli ndalama. Sindikudziwa kuti K50,000 ija anaitapa ndisanaimbe kapena nditaimba. Koma lero ndikanayamba ndi kampani, nthawi yomweyo, uthenga wotumizira uli m'manja, chifukwa chimene angathe kugwira ndi chokhacho chimene chisanatapidwe. Uthengawo musaufufute. Ngati ndi kathyali, kanenaninso ku polisi. Mwina zanu sizibwera, koma nambalayo ikatsekedwa mwapulumutsa agogo a wina.

Nditabwerako ku Mponela ndinawapeza atsibweni kudimba. Ndinagwada, ndinawapatsa kapepala kaja.

"Atsibweni, nambala munandipatsa inali yolondola. Ndinalakwitsa ndine, dzina sindinawerenge. K50,000 imeneyi ndi ngongole yanga."

Anakhala kaye chete. Kenako anati, "Mphwanga, ndinkadikira kuti ndimve ukanena chiyani. Koma ulipira ndi chiyani, mwana wa sukulu iwe?"

Tinagwirizana K10,000 pamwezi, kuchokera pa ndalama yanga ya chakudya ndi timaganyu tophunzitsa ana. Fizi yotsalayo anaikwaniritsa pogulitsa mbuzi. Ndinapempha kuti tilembe, monga mmene ndime 282 ya Sura Al-Bakara ikulangizira pa ngongole ya nthawi yodziwika. Anaseka kuti pachibale timalemberananso? Koma tinalemba mu kope la amayi, pamaso pa achimwene anga ndi aneba athu.

Agogo sanasangalale, anati magazi amodzi salipitsana. Ndinawafotokozera zimene a Shehe anandiuza: kukhululuka ndi ufulu wa mwini chuma, si ufulu wa wolakwitsa. Ndime 280 ya Sura yomweyo ikulamula kumupatsa nthawi wangongole amene zamuvuta, ndipo ikunena kuti kumusiyira ngati sadaka ndi kwabwino koposa. Koma mawu amenewo akupita kwa atsibweni, osati kwa ine. Ine sindingadzikhululukire ndekha ndi ndalama za mwini wake. Komanso kunena kuti ndi kadari ya Allah ndi zoona, ndipo kumatonthoza mtima, koma sikufufuta ngongole. Amene anakonza kuti ndalama itayike ndi Yemweyo amene analamula kuti wonyalanyaza alipire.

Pano ndalipira miyezi itatu, kwatsala K20,000. Ndinawafunsanso a Shehe kuti nanga mayi uja akadzabweza? Anati gawo limene walipira kale lidzakhala lako, poti walowa m'malo mwa atsibweni ako pa gawo limenelo, ndipo lotsalalo ndi lawo. Nambala yake ndidakali nayo. Mwezi uliwonse ndimamutumizira uthenga umodzi waulemu, wopanda chipongwe, womukumbutsa kuti khomo lobwezera lili lotsegula ngakhale ndi K5,000. Sanayankhepo. Sindikudziwa mavuto amene anali nawo tsiku limenelo, ndipo ndimamupemphera kuti Allah amupatse zokwanira kuti abweze ali moyo.

Mwina wina amene akuwerenga pano ali mbali inayo. Ndalama inalowa chaka chatha, munaidya, nambala munaitseka. Mbale wanga, mlongo wanga, fufuzani mu mauthenga akale, nambalayo mwina idakalimo. Imbani, pepesani, yambani ndi zimene mungathe. Ngati mwayesetsa ndithu koma mwini wake sakupezeka, ophunzira ambiri akunena kuti muzipereke sadaka m'malo mwake, mphotho ikhale yake osati yanu, ndipo akadzapezeka nkuzifuna mudzamubwezere. Nkhani zikakhala zopiringizika, pitani nonse awiri kwa Shehe amene mukumudalira, aliyense anene zoona zake.

E Allah, tikwaniritseni ndi zahalali kuti tisafune zaharamu. Tichiteni kukhala anthu osunga amana, poyera ndi pamene palibe wotiona. Abwezereni zabwino amene anabedwa, ndipo aongoleni amene anaba kuti abweze imfa isanawapeze. Amin.

Chimene ndalondola chachokera kwa Allah, chimene ndalakwitsa ndi changa, ndipo Allah ndiye Wodziwa koposa.

Wasalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.